Invoisi yomata mu Excel: dulani mzere kuyambira kumanja

Mwalandira invoisi ya PDF kuchokera kusitolo ya zipangizo zomangira. Mwaikopa, mwaimata mu Excel, ndipo zonse zaunjikana mu kolamu A. Dzina la katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi ndi ndalama zonse zakhala pamzere umodzi ngati chiganizo. Simungaphatikize kalikonse pamenepo. Ambiri amangoyamba kutaipanso pamanja, ndipo ngati mizere ndi isanu, kutero sikulakwa. Koma ikafika makumi anayi, maso amatopa, chala chimaphonya, ndipo 21,000 amasanduka 12,000 inu osadziwa.

Tigwiritsa ntchito invoisi iyi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mitengoyi ndi yachitsanzo chabe, musapite nayo kusitolo kukanenerera.

```
Simenti 50kg 20 32,500.00 650,000.00
Malata 28G 12ft 36 21,000.00 756,000.00
Misomali 4 inch 5 6,800.00 34,000.00
Penti yoyera ya
mafuta 20L 2 118,000.00 236,000.00
Waya womangira 1.5 9,000.00 13,500.00
Matabwa 2x4 18ft 15 7,200.00 180,000.00
Mayendedwe 45,000.00
Subtotal 1,914,500.00
VAT 16.5% 315,892.50
Total 2,230,392.50
```

Munthu amene wazolowerako Excel amathamangira ku Text to Columns nasankha Space kuti mzere udukeduke pampata uliwonse. Yesani muone. Mzere wa simenti uduka zidutswa zisanu, wa malata zisanu ndi chimodzi, ndipo kuchuluka kwa malata kugwera mu kolamu imene muli mtengo wa simenti. Pamzere wa misomali ndiye zovuta kwambiri, chifukwa 4 uja ndi kutalika kwa msomali, osati kuchuluka kwa zomwe mwagula. Vuto lili kumanzere. Dzina la katundu likhoza kukhala ndi mawu awiri, atatu kapena asanu ndi awiri, ndipo limabisa manambala mkati mwake. Kumanja kulibe chisokonezo chimenecho: chidutswa chomaliza ndi ndalama zonse, chotsatira pobwerera ndi mtengo wa chimodzi, chachitatu ndi kuchuluka. Chilichonse chotsala, kaya chitalike bwanji, ndi dzina la katundu. Njira yonse imene ndikufotokoza pano yatsamira pamenepa.

Kumata ndi kukonza mizere

Pamzere woyamba lembani mitu: A1 ikhale Zomata, B1 Zoyeretsa, C1 Katundu, D1 Kuchuluka, E1 Mtengo, F1 Zonse, G1 Kusiyana. Dinani A2, kenako matani posankha Paste Special ndi Text, kuti mitundu ndi makongoletsedwe a PDF atsale kunja. Mukaona kuti mawu angomwazikana okha m'makolamu angapo, kawirikawiri ndi chifukwa choti munagwiritsa ntchito Text to Columns posachedwa ndipo Excel ikukumbukirabe kuti muzidula pampata. Tsekani Excel yonse, mutsegulenso, mumatenso.

Mizere itatu yapansi, ya Subtotal, VAT ndi Total, si katundu. Ichotseni mu kolamu A koma musaitaye. Taipani manambala ake pambali: 1914500 mu I2, 315892.5 mu I3 ndi 2230392.5 mu I4. Tidzawafuna pomaliza.

Tsopano werengani kolamu A ndi maso, kumapeto kwa mzere uliwonse kokha. Mzere wabwino umatha ndi manambala atatu. Pa invoisi yathu, iwiri ikulephera. Woyamba ndi wa penti. Dzina lake linatalika, ndiye pa PDF linapindikira pamzere wachiwiri, ndipo pomata lagawika pawiri. Theka loyamba, "Penti yoyera ya", lidzaonetsa lokha kuti lalakwika chifukwa lilibe nambala. Theka lachiwiri ndi limene limapusitsa. Lili ndi manambala atatu onse, mafomula adzalilandira bwinobwino, ndipo tebulo lanu lidzanena kuti munagula "mafuta 20L" awiri. Ikadzakwana nthawi yopereka lipoti, wina adzafunsa kuti mafuta amenewa anathira m'galimoto ya ndani. Phatikizani matheka awiriwo mu selo imodzi, kenako fufutani mzere wotsalawo.

Wachiwiri ndi wa mayendedwe, womwe uli ndi nambala imodzi yokha. Ulembeni motere kuti ufanane ndi inzake:

```
Mayendedwe 1 45,000.00 45,000.00
```

Mukatero mwatsala ndi mizere isanu ndi iwiri, kuyambira A2 mpaka A8. Werengani katundu amene ali pa invoisi yeniyeni, muone ngati nayenso alipo asanu ndi awiri. Pa invoisi ya masamba angapo chotsaninso mitu yobwerezabwereza ndi mawu onga Page 2 of 3.

Chotsatira ndi kuyeretsa mipata. Mawu ochokera pa PDF kapena pa imelo amabwera ndi mipata iwiri kapena itatu pamalo amodzi, ndipo nthawi zina amabwera ndi mpata wina wosaoneka kusiyana kwake, umene kompyuta imaudziwa ndi nambala 160. TRIM imachotsa mipata wamba yochulukira, koma uwu siikhudza. Ndiye timayamba tausandutsa mpata wamba. Mu B2 lembani:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," "))
```

Kokerani fomulayi pansi mpaka B8. Ngati Excel ikukana fomula imene mwailemba molondola, mwina kompyuta yanu inakonzedwa kuti ilekanitse zigawo za fomula ndi `;` m'malo mwa `,`. Zimachitika pa makompyuta ambiri ogulidwa ku Joni. Sinthani zizindikirozo pakati pa zigawo zokha, zomwe zili mkati mwa `" "` zisiyeni.

Mainvoisi ena amalemba MK patsogolo pa ndalama iliyonse. Ngati pali mpata pakati pa MK ndi nambala, ndiye kuti zidutswa zakumanja zachuluka ndipo kuwerenga kwathu kusokonekera. Onjezani SUBSTITUTE ina:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," "),"MK",""))
```

Chenjerani ndi invoisi yolemba K yekha. Mukatsegula Find and Replace n'kuuza Excel kuti ichotse K paliponse, iyo sisiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono pokhapokha mutachonga Match case. Simenti ya 50kg idzasanduka ya 50g. SUBSTITUTE imasiyanitsa, komabe idzadya K wa dzina lililonse loyamba ndi chilembo chimenecho, choncho mukamaliza yang'anani mayina.

Kudula

Ngati muli ndi Microsoft 365 kapena Excel 2024, muli ndi mafomula awiri amene amatha kuwerenga mipata kuchokera kumapeto: TEXTBEFORE ndi TEXTAFTER. Nambala yokhala ndi `-` patsogolo ndi imene imawauza kuti ayambire kumanja. Lembani awa mu C2, D2, E2 ndi F2, motsatana:

```
=TEXTBEFORE(B2," ",-3)
=NUMBERVALUE(TEXTAFTER(TEXTBEFORE(B2," ",-2)," ",-1),".",",")
=NUMBERVALUE(TEXTAFTER(TEXTBEFORE(B2," ",-1)," ",-1),".",",")
=NUMBERVALUE(TEXTAFTER(B2," ",-1),".",",")
```

Tiyeni titsate ya D pamzere wa misomali, kuti musamangokopa osadziwa chikuchitika. Mzerewo ndi "Misomali 4 inch 5 6,800.00 34,000.00". TEXTBEFORE yokhala ndi -2 ikupita pampata wachiwiri kuchokera kumapeto n'kutaya zonse za kumanja kwake, ndiye kwatsala "Misomali 4 inch 5". TEXTAFTER yokhala ndi -1 ikutola chidutswa chomaliza cha zotsalazo, chomwe ndi 5. Nambala 4 ija sinakhudzidwe n'komwe, yapita ku kolamu C pamodzi ndi dzina lake. Ya E ikuchita chimodzimodzi, kungoti ikutaya chidutswa chimodzi m'malo mwa ziwiri.

Nanga NUMBERVALUE ikutani? Chimene TEXTAFTER imatulutsa chimaoneka ngati nambala, koma kwa Excel ndi mawu. Mawu otere amakhala kumanzere kwa selo, ndipo SUM imawadumpha mwakachetechete, osadandaula. Mukhoza kuphatikiza kolamu yodzaza ndi mamiliyoni n'kupeza 0. NUMBERVALUE imasandutsa mawuwo nambala yeniyeni, ndipo zigawo zake ziwiri zomaliza zikuiuza kuti kadontho kakulekanitsa makwacha ndi matambala, pamene mpatuliro ukulekanitsa masauzande. Ndimaikonda kuposa VALUE chifukwa sidalira m'mene kompyuta yakonzedwera. Failo yomweyo mukaitumiza kwa mnzanu, manambala sasintha.

M'maofesi ambiri muli Excel 2016 kapena 2019, ndipo mmenemo TEXTBEFORE imangotulutsa `#NAME?`. Musadandaule, pali njira yakale. Timafutukula mpata uliwonse kuti ukhale mipata 100, kenako timadula zigawo za zilembo 100 kuchokera kumanja. Popeza mipatayo yatalika kwambiri, chigawo chilichonse chimagwira chidutswa chimodzi chokha, ndipo TRIM imasesa mipata yotsala. Kuti mafomula asatalike, ikani mzere wofutukulawo mu kolamu yothandizira. Mu H2:

```
=SUBSTITUTE(B2," ",REPT(" ",100))
```

Kenako C2, D2, E2 ndi F2 zikhale motere:

```
=TRIM(LEFT(H2,LEN(H2)-300))
=NUMBERVALUE(TRIM(LEFT(RIGHT(H2,300),100)),".",",")
=NUMBERVALUE(TRIM(LEFT(RIGHT(H2,200),100)),".",",")
=NUMBERVALUE(TRIM(RIGHT(H2,100)),".",",")
```

Zotuluka ndi zofanana ndi zija. Amene amagwiritsa ntchito Google Sheets akhoza kudula zinayi zonse ndi fomula imodzi mu C2, yomwe imadzaza yokha mpaka F2, koma kumbukirani kuti nayonso imatulutsa mawu, ndiye manambalawo afunika VALUE m'makolamu ena:

```
=REGEXEXTRACT(B2,"^(.+) (\S+) (\S+) (\S+)$")
```

Njira iliyonse imene mwasankha, kokerani mafomula mpaka mzere 8. Tebulo lioneke motere:

```
Simenti 50kg                 20    32500   650000
Malata 28G 12ft              36    21000   756000
Misomali 4 inch               5     6800    34000
Penti yoyera ya mafuta 20L    2   118000   236000
Waya womangira              1.5     9000    13500
Matabwa 2x4 18ft             15     7200   180000
Mayendedwe                    1    45000    45000
```

Mukaona `#N/A`, mzerewo uli ndi zidutswa zochepa, ngati wa mayendedwe uja tisanaukonze. Mukaona `#VALUE!`, fomula yatola mawu pamalo pamene imayembekeza nambala. Ngati izi zachitika mu kolamu D yokha, nthawi zambiri ndi chifukwa choti invoisi imalemba muyeso pambuyo pa kuchuluka, monga 5 kg kapena 20 pcs. Zikakhala kuti mizere yonse ili choncho, sunthani kuwerenga ndi chidutswa chimodzi: mu C2 -3 akhale -4, ndipo mu D2 -2 akhale -3. Zikakhala pamizere iwiri kapena itatu yokha, musalimbane ndi mafomula, ingosamutsani kg uja mu kolamu A apite kudzina la katundu.

Kolamu G

Anthu ambiri akafika apa amaona kuti ntchito yatha, chifukwa tebulo likuoneka bwino. Enanso safuna n'komwe kudula ndalama zonse za pa invoisi, amangolemba D kuchulukitsa ndi E mu kolamu F. Ine sinditero. Mukawerengera nokha kolamu F, mwataya mboni. Nambala imene wogulitsa analemba iyenera kukhala payokha, kuti muiyerekeze ndi yanu. Mu G2 lembani:

```
=ROUND(D2*E2-F2,2)
```

ROUND ilipo chifukwa kompyuta ikamachulukitsa manambala okhala ndi matambala, nthawi zina imasiya katsalira kakang'ono kwambiri kuseri kwa kadontho, ndipo selo imene iyenera kuonetsa 0 imaonetsa zachilendo. Tikazungulira pamalo awiri, katsalira kameneko kamachoka.

Kokerani pansi. Mizere yonse ipereka 0 kupatula wa matabwa, womwe upereka -72000. Matabwa 15 pa mtengo wa 7,200 ndi 108,000, koma invoisi ikuti 180,000.

Apa musafulumire kuimba foni mwaukali. Choyamba tsegulani PDF ija muone ngati mzerewo walembedwadi choncho, chifukwa cholakwika chikhoza kukhala cha kukopa. Izi zimachitika makamaka ngati invoisi inali chithunzi ndipo mawu ake anawerengedwa ndi pulogalamu, pamene 1 ndi 7, kapena 0 ndi chilembo O, zimasinthana. Mukapeza kuti pa invoisi palidi 15, 7,200.00 ndi 180,000.00, ndiye kuti imodzi mwa nambala zitatuzi ndi yabodza, koma simunadziwe iti.

Alembi a zachuma ali ndi kachizindikiro kakale: kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri manambala awiri anasinthana malo. 72,000 kugawa ndi 9 ndi 8,000 ndendende, ndipo taonani, 108 ndi 180 ndi manambala omwewo atatembenuzidwa. Ndiye mwina wolemba invoisi anataipa pamanja n'kuphonya. Koma yesaninso mbali inayo. Gawani 180,000 ndi 7,200, mupeza 25 ndendende. Ndiye n'kuthekanso kuti matabwa analidi 25, ndalamazo n'zolondola, ndipo cholakwika ndi 15 uja. Nkhani ziwirizi zonse zikumveka, ndipo Excel singakuuzeni yoona. Yankho lili pa pepala limene dalaivala anasainitsa potsitsa katundu, kapena pamulu wa matabwa womwewo ngati amisiri sanayambe kucheka. Mpaka mutadziwa, musasinthe nambala iliyonse m'tebulo. Pakani mtundu pamzerewo, mulembe pambali zomwe mwapeza.

Kusiyana kwina n'kosaopsa. Mukaona 0.01 kapena 0.04, kawirikawiri ndi chifukwa choti mtengo weniweni wa chimodzi uli ndi manambala ambiri kuseri kwa kadontho ndipo invoisi yangoonetsa awiri. Mukaona kuti mizere yonse ikusiyana ndi gawo lofanana, gawani F ndi zotsatira za D kuchulukitsa E. Mukapeza 1.165 pa invoisi ya msonkho wa 16.5%, ndiye kuti mtengo wa chimodzi ulibe msonkho koma ndalama zonse zili nawo. Mukapeza 0.95, wogulitsa anakuchotserani 5 pa 100 iliyonse.

Tsopano manambala aja tinasunga pambali. M'maselo atatu opanda kanthu lembani:

```
=SUM(F2:F8)-I2
=ROUND(I2*0.165,2)-I3
=I2+I3-I4
```

Onse atatu apereka 0. Msonkhowo tengani umene walembedwa pa invoisi yanu, osati wa m'mutu, popeza boma limausintha, ndiponso si katundu yense amene amadulidwa msonkhowu. Koma taonani chimene ma 0 atatuwa akubisa. Invoisi yathu ikugwirizana yokha kuyambira pa Subtotal mpaka pa Total, chifukwa wolemba anaphatikiza 180,000 yemweyo. Munthu amene amangoona ngati ndalama zapansi zikugwirizana akanalipira osakayika. Ngati matabwa anali 15, Subtotal yoona ndi 1,842,500, ndipo mukaonjeza msonkho wa pa 72,000 uja, ndalama zopitirira ndi 83,880. Choncho kuyesa kuwiriku kuli ndi ntchito zosiyana. Kolamu G imagwira cholakwika cha mkati mwa mzere. SUM imagwira mzere umene watayika pokopa kapena umene mwaumata kawiri: kusiyana kukafanana ndendende ndi ndalama za katundu wina, mwampeza wosowayo.

Mainvoisi a kunja

Amene mumaoda katundu ku South Africa mudzakumana ndi ndalama zolembedwa 32 500,00, mpata pamasauzande ndi mpatuliro pamasenti. Mpata umenewu ndi mdani wa njira yathu, chifukwa nambala imodzi ikuoneka ngati zidutswa ziwiri. Musanachite kalikonse, fufuzani kuti ndi mpata wamtundu wanji:

```
=LEN(A2)-LEN(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160),""))
```

Ikapereka nambala yofanana ndi mipata imene ili mkati mwa ndalama pamzerewo, mwachita mwayi. Mu B2 sinthani `" "` akhale `""` kuti mpatawo ungochoka, ndipo 32 500,00 akhala 32500,00. Ikapereka 0, ndiye kuti ndi mipata wamba, ndipo palibe fomula yodalirika yodziwa ngati "2 118 000,00" ndi zinthu ziwiri za 118 000 kapena ndi mamiliyoni awiri. Pamenepo chotsani mipatayo pamanja mu kolamu A, kapena pemphani wogulitsa akutumizireni failo ya Excel kapena CSV. Mukathana ndi mipata, tembenuzani zigawo ziwiri zomaliza za NUMBERVALUE zikhale `","` kenako `"."`. Kutembenuza komweku kumagwiranso pa invoisi yolemba 32.500,00, monga zimapezekera pa mapepala a Chipwitikizi. Mukaiwala kutembenuza pa invoisi ya ku South Africa ija, Excel sidandaula. Imangotaya mpatuliro uja n'kuwerenga 32500,00 ngati 3,250,000. Kuchuluka kukakhala kopanda mpatuliro, kolamu G nayo ipereka 0, chifukwa mtengo ndi ndalama zonse zakula mofanana. Ndi SUM yokha, poiyerekeza ndi Subtotal imene munataipa ndi manja anu, imene idzakuululireni.

Pali PDF zina zimene sizikopeka mzere ndi mzere. Mukamata, mayina onse amabwera pamwamba, kenako kuchuluka konse, kenako mitengo. Pamenepo mafomula odula sakufunika. Dulani gulu lililonse mulimate mu kolamu yake, mutsimikize kuti magulu onse ali ndi mizere yofanana, kenako musandutse mawu kukhala manambala ndi NUMBERVALUE. Gulu limodzi likatsetsereka ndi mzere umodzi, kolamu G idzadzaza ndi manambala kuyambira pomwe patsetserekapo kupita pansi.

Kumaliza tebulo

Makolamu C mpaka F akadali mafomula odalira A ndi B, moti mukafufuta ziwirizo zonse zigwa. Sankhani C1 mpaka F8, kopani, pitani patsamba latsopano, mumate posankha Paste Special ndi Values. Dinani mkati mwake, kanikizani Ctrl+T, ndipo onetsetsani kuti My table has headers yachongedwa. Makolamu a ndalama apatseni maonekedwe a `#,##0.00`, koma ya kuchuluka isiyeni pa General. Mukaiika pa nambala yopanda kadontho, waya wa 1.5 adzaoneka ngati 2, ndipo wowerenga pepala losindikiza adzaganiza kuti masamu anu alakwika.

Onjezani makolamu awiri kumanzere, ya nambala ya invoisi ndi ya tsiku, muwadzaze pamzere uliwonse. Mukadzaphatikiza mainvoisi a miyezi itatu m'tebulo limodzi, ndi amenewa adzakuuzeni kuti simenti iyi inachokera papepala liti. Tsamba la mafomula lija lisungeni pamodzi ndi mawu omata mu kolamu A. Invoisi yotsatira ikabwera, pangani kope la tsambalo, fufutani za mu kolamu A ndi za mu I2 mpaka I4, matani zatsopano, kokerani mafomula afike pamzere womaliza, ndipo musaiwale kusintha F8 wa mu SUM kuti afike pamzere womwewo.